Makombo Sabweza

Pa ntchito zonse za pansi pano, palibe yodanitsa munthu ndi anzake ngati yosunga ndalama za eni. Ukakana ati ndiwe wouma mtima, ukalola ati ndiwe wakuba. Imelda Chikuse anali atagwira ntchito imeneyi zaka zisanu ndi chimodzi ngati akauntanti wa bungwe laling'ono la Mlatho wa Alimi, lomwe ofesi yake inali zipinda zitatu kuseri kwa msika wa pa Boma ku Mchinji. Dzina loyambalo linali litamukakamira kale, ndipo iye analibe nalo vuto.

M'mwezi wa Ogasiti, chaka cha 2004, Imelda anali pa ntchito yotseka mabuku a pulojekiti ya madzi. Bungwe lina la ku Ulaya, lomwe linali ndi ofesi ku Lilongwe, linawapatsa ndalama zoti m'zaka ziwiri akumbe mijigo khumi ndi iwiri m'midzi ndi m'misasa ya matenanti a fodya ku Mavwere ndi ku Chiosya. Pulojekiti inatha pa 30 Juni. Pangano linkati pasanathe masiku makumi asanu ndi limodzi atumize lipoti lomaliza la ndalama, ndipo ndalama iliyonse yotsala ibwerere kwa eni ake.

Lipoti lotere silovuta kulimvetsa, ngakhale limadwalitsa mutu. Pa chinthu chilichonse cha mu bajeti umalemba zomwe unapatsidwa, zomwe unagwiritsa ntchito, ndi zomwe zatsala. Ndalama iliyonse yotuluka iyenera kukhala ndi lisiti yake. Kenako umayerekeza buku lako ndi pepala la ku banki mpaka zigwirizane ngati mphika ndi chivundikiro chake. Imelda anachita zonsezi. Anapeza macheke awiri omwe eni ake anali asanakatape, nawaika pambali. Anapatula ndalama ya oona mabuku, komanso kagawo komwe wokumba mijigo amasungiridwa mpaka mijigo yake itaoneka kuti ikutulutsadi madzi, pakuti ntchito ya mijigo imeneyo inagwirika pulojekiti isanathe. Atachotsa zonsezi, pansi pa pepala panatsala K487,350.

Ndalamayi ankaidziwa komwe yachokera ngati momwe mayi amadziwira ana ake. K21,200 inali chiwongoladzanja cha ku banki. K16,150 inatsala pa mafuta a galimoto. Koma K450,000 inali mjigo wathunthu, wakhumi ndi chiwiri, womwe sunakumbidwe.

Mjigowo unayenera kukakhala ku Misasa, m'malire mwa esiteti ina ku Chiosya, komwe kunkakhala mabanja a matenanti oposa makumi asanu, ambiri ochokera ku Phalombe ndi ku Mulanje. Woyeza malo anafikako, nakhoma chikhomo chopaka penti yofiira pomwe anapeza madzi. Amayi anaumba njerwa, anatuta mchenga ndi miyala. Koma mu Malichi mtsinje unakokolola kamlatho ka pa njira. Msewu utauma, makina okumbira anathyoka, chitsulo chake n'kukachifuna mpaka ku Chipata. Pomwe chinkafika, Juni anali atapita.

Zotere zimachitika, ndipo opereka ndalama amadziwa kuti zimachitika. N'chifukwa chake mu pangano munali khomo: ngati mukuona kuti simumaliza, lembani kalata yopempha kuti nthawi italikitsidwe popanda kuonjezera ndalama, ifike patatsala masiku makumi atatu kuti pulojekiti ithe. Imelda kalatayo anailemba kumayambiriro kwa Meyi, naiika pa tebulo la mkulu wa bungwe, bambo Phillip Kamchacha, kuti asaine. Kenako kunabwera zisankho, kunabwera maliro a achemwali awo a Kamchacha, mayi ake a Imelda nawo anagonekedwa m'chipatala, ndipo munthu aliyense ankaganiza kuti mnzake watumiza. Kalata anaipeza mu Julaye, ili pansi pa nyuzipepala zakale, pakona pake pali chizindikiro cha kapu ya tiyi. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

A Kamchacha sanali munthu woipa, ndipo izi n'zimene zinkavuta. Munthu woipa umamukana mtima uli m'malo. Iwowa anali mphunzitsi wopuma, wa mimba yaikulu ndi mtima waukulu kuposa mimbayo, yemwe akaona mwana wa tenanti akudwala m'mimba ankamunyamula pa galimoto ya ofesi osalemba m'buku la maulendo, n'kumusiyira Imelda mutu wofotokoza komwe mafuta apita. M'mawa womwe Imelda anawapititsira lipoti, anawapeza ali ndi mlendo, a Vitus Msukwa, mwini wake wa makina okumbira mijigo. Pa tebulo panali mabotolo awiri a Fanta, ndi lachitatu losatsekula. Imelda ataona botolo lachitatulo anadziwa kuti pali nkhani.

“Khalani pansi, mayi Chikuse,” anatero a Kamchacha. “Imwani kaye. Ndiye zatsala zingati?”

Imelda anawauza.

“Mwamva, a Msukwa? Mjigo wathunthu uli m'banki, wagona.” Anatembenukira kwa Imelda. “Makina achira. A Msukwa akuti Lolemba akhoza kukhala ali ku Misasa, Lachinayi madzi akutuluka.”

“Ngati pansi sipandivuta, ngakhale Lachitatu,” anatero a Msukwa.

“Ntchito yogwirika mu Ogasiti sitingailipire ndi ndalama ya pulojekiti yomwe inatha mu Juni, bambo,” anayankha Imelda. “Mukudziwa.”

“Ndikudziwa, ndikudziwa. N'chifukwa chake a Msukwa akuti invoisi alemba deti ya 25 Juni. Palibe akuba pano, mayi. Tambala iliyonse ilowa pansi, ituluka ngati madzi. Azungu anapereka ndalama ya mijigo thwelofu, apeza mijigo thwelofu. Walakwiridwa ndani? Kalendala?”

A Msukwa anaseka, koma Imelda sanaseke, chifukwa funsolo linali labwino.

“Ndipotu mayi Ivy anavomera kale,” anapitiriza a Kamchacha. Mayi Ivy Chipeta anali woyang'anira pulojekitiyi ku ofesi ya ku Lilongwe ija. “Atabwera mu Epulo ndinawauza za mlatho, iwo n'kunena kuti tiona.”

“Anati, lembani, tiona.”

“Eya, tiona.”

Apa m'pomwe munthu umadabwa ndi makutu a anthu. A Kamchacha anali katswiri wa mawu oti tiona. Wofuna ntchito ankamuuza tiona, wobwereka ngongole tiona, mkazi wawo akafuna malata atsopano tiona, ndipo aliyense pa Boma ankadziwa tanthauzo lake. Koma tsiku lomwe mawuwa anawagwera iwowo, anawamva ngati inde wodindidwa chidindo.

“Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mayi,” anatero motsitsa mawu. “Ndalama iyi ikakwera basi ya ku Lilongwe, sitidzaionanso. Ndiponso kwathu kuno mnzako akakupatsa chakudya, makombo sabweza. N'chipongwe.”

A Msukwa anatsegula chikwama chawo, natulutsa pepala. “Chongofunika china ndi ichi. Satifiketi yoti ntchito yatha. Ine ndisaina apa, bwana apa, ndiye apa wapampando wa komiti ya madzi adinde chala kuti mjigo alandira. Deti yomweyo. Amayi aja sangavute, tikangowauza kuti madzi akubwera.”

Imelda anayang'ana kabokosi kakang'ono ka pansi pa pepalapo, kodindapo chala. Fanta anamuwawa m'kamwa.

Iye anabadwira m'nyumba ya udzu pa esiteti ina ku Mavwere. Bambo ake anali tenanti. Chaka chonse ankatenga chimanga, feteleza ndi mchere pa ngongole, kalaliki n'kumalemba m'buku lalikulu la chikuto chakuda, iwo n'kumadinda chala. Fodya akagulitsidwa, buku lija linkatsegulidwa. Ali sitandade 6, atayamba kuwerenga bwinobwino, anaima kumbuyo kwa bambo ake pa mzere wa malipiro, naona m'bukumo matumba atatu a chimanga a mwezi wa Janyuwale, mwezi womwe kunyumba kwawo ankadya gaga. Pambali pa thumba lililonse panali chala cha bambo ake. Anawakoka malaya kuti awauze, iwo anangomutsina kuti akhale chete. Kuyambira tsiku limenelo, kwa Imelda tchimo lalikulu padziko silinali kuba. Linali kumudinditsa munthu wosawerenga chala pa chinthu chomwe sanalandire.

Zonsezi sananene. Anangoti, “Ndipatseni masiku awiri, bambo. Ndipite ku Lilongwe ndikapemphe poyera. Mwina khomo silinatsekedwe ndi loko.”

A Kamchacha anapukusa mutu. “Mukakawauza, ndiye kuti njira inayi yafa. Adziwa kuti mjigo kulibe.”

“Ndikudziwa.”

Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anatulutsa mpweya ngati tayala lobooka. “Pitani. Koma mukalembe m'buku la maulendo, angakudzudzuleni akauntanti.”

M'mawa mwake Imelda anakwera minibasi, kalata yatsopano ili m'chikwama, yofotokoza zonse monga zinayendera: mlatho, makina, ndi kalata yoiwalika ija. Mayi Ivy anamulandira bwino. Anali mayi wamng'ono thupi, wa magalasi, wolankhula ngati akuopa kudzutsa mwana. Anawerenga kalatayo kawiri.

“Mukanalemba mu Meyi, ndikanakuyankhani sabata yomweyo,” anatero. “Miyezi itatu yoonjezera ndi chinthu chaching'ono. Koma pano si za ine ayi. Thumba lomwe munachokera ndalamayi likutsekedwa kwawo kuja. Nawonso ali ndi owafunsa, boma lawo ndi anthu omwe anasonkha. Zotsala zonse za m'maiko onse zikubwerera.”

“Ndi mjigo umodzi, mayi. Njerwa zili pomwepo.”

“Ndinaziona njerwazo. Ndinamwa nawo thobwa amayi aja.” Anavula magalasi, napukuta m'maso. “Ndiyesa kuimba, koma musadalire.”

Anaimbadi, Imelda ali pomwepo. Analankhula Chingerezi chofewa kwa mphindi khumi, akuvomera ndi mutu munthu yemwe samamuona. Ataika foni pansi sanafunikenso kunena.

“Akuti mu Janyuwale adzaitana mabungwe kuti apemphe thandizo latsopano,” anatero. “Mukatseka bwino, mukhoza kudzapempha, mjigo umenewo n'kuuika poyamba. Sindikulonjeza. Opempha amachuluka.” Anavalanso magalasi. “Ndipo ndikuuzeni ngati mchemwali wanga. Chaka chatha bungwe lina linasintha madeti pa malisiti, pa chifukwa chabwino ngati chanuchi. Oona mabuku anapita kumudzi, anafunsa anthu kuti chinthuchi chinamangidwa liti. Anthu akumudzi saiwala mwezi. Bungwelo linauzidwa kuti libweze ndalama ya ntchito imeneyo kuchokera m'thumba mwake, ndipo lero kulibe.”

Imelda anathokoza. Mumtima ankafuna kuti chenjezolo limutonthoze, koma ankadziwa kuti sanabwere kuno chifukwa choopa kugwidwa. Ku Misasa n'kutali, msewu wake ndi woipa, ndipo oona mabuku ndi anthu okonda nsapato zawo. Mwina sakanafikako n'komwe. Mjigo ukanakumbidwa, ana akanamwa, dziko likanapitirira. M'minibasi yobwerera, atapanikizidwa pakati pa thumba la kaunjika ndi mayi wopita ku Mwami, analira pang'ono, n'kunamizira fumbi.

Lipoti linamalizidwa Lachisanu. Pa mzere wa mijigo analemba kuti yokonzedwa inali khumi ndi iwiri, yokumbidwa khumi ndi umodzi, ndipo pansi pake anafotokoza chifukwa chake m'mizere inayi yosabisa kanthu. Anamangirira pepala la ku banki, mndandanda wa katundu wa pulojekiti, ndi kalata yolamula banki kuti itumize K487,350 ku akaunti ya eni ake ku Lilongwe. Kalata imeneyi inkafuna anthu awiri osaina. Imelda anasaina, nalowa nayo kwa a Kamchacha.

Anaiwerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda, ngati momwe ankawerengera mayeso a ana. Anatenga cholembera, anachibweza, anachitenganso.

“Ndi chiwongoladzanja chomwe?” anafunsa.

“Ndi mwana wa ndalama yawo, bambo. Nkhuku ndi yawo, anapiye ndi awo.”

Anasaina. Cholembera chinaboola pepala pang'ono pa chilembo chomaliza. “Kalata ija ndinaiwala ndine,” anatero osamuyang'ana.

“Nanenso sindinakukumbutseni.”

“Ayi, musandilande tchimo langa, ndilibe ambiri oti ndingadzitame nawo.” Anayesa kuseka, sizinatheke. “Ku Misasa akawauza ndani?”

“Ndipita ine.”

“Tipita tonse. Mafuta ndigula ndekha, musandiyang'ane choncho.”

Ku banki ntchito yonse sinathe mphindi makumi awiri. Mtsikana wa pa kauntala anayerekeza masiginecha, anadinda chidindo, nam'patsa kapepala ka umboni. Imelda anayembekeza kuti mwina amva kanthu, kupepukidwa kapena kulemedwa. Anangoona kuti mjigo wonse, ndi zitsulo zake ndi simenti yake, wakwana pa kapepala kochepa kuposa chikhatho chake.

Anapita ku Misasa Lachiwiri lotsatira, dzuwa lili paliwombo. Unali mwezi wa mphepo ndi fumbi, minda ya fodya itatsala ziputu zokhazokha, zigafa zili mbee. Galimoto itangokhota pa mtengo wa mango, amayi anayamba kutuluka m'nyumba akumanga zitenje. Wina anayambitsa nyimbo. Ankayang'ana kumbuyo kwa galimoto, kumsewu, kuti aone ngati chigalimoto cha makina chikutsatira. Palibe chinthu chowawa ngati kuimbiridwa nyimbo utanyamula uthenga woipa.

Chikhomo chofiira chija chinali pomwepo. Anali atachizinga ndi minga kuti mbuzi zingachigwetse, ndipo pozungulira pake panali posesedwa bwino ngati pabwalo la tchalitchi. Pambali panali mulu wa njerwa zootcha, mulu wa mchenga wofundidwa masaka akale a feteleza, ndi miyala yoswedwa ndi manja.

Wapampando wa komiti ya madzi anali mayi Anastazia, mkazi wa tenanti, wochokera ku Phalombe, wamtali, wouma ngati phesi, wa zala zakuda ndi utomoni wa fodya womwe suchoka ngakhale ndi sopo. Anawayalira mphasa pansi pa mango, anawapatsa moni mmodzimmodzi atagwada, kenako anakhala pansi naika manja pamiyendo. Anali atawerenga kale nkhope zawo.

A Kamchacha anayamba. Anafotokoza za mlatho ndi makina, zomwe anthu ankazidziwa kale. Atafika pa kalata, anavula chipewa. “Panali kalata yoti ndisaine kuti atipatse nthawi ina. Ndinaiwala. Si boma, si azungu, si mayi awa. Ndine.” Apa Imelda anatenga nkhani. Anawauza kuti nthawi ya pulojekiti inatha, kuti ndalama ya mjigo wawo inatsala yonse, ndiponso kuti pangano linkalamula kuti yotsala ibwezedwe.

“Ndiye ili kuti?” anafunsa bambo wina wachikulire, a Kefasi, yemwe ankasunga buku la zopereka za komiti.

“Yabwerera kwa eni ake, bambo. Lachisanu.”

Mwana wina analira, mayi ake namuika kubere.

“Munaigwira m'manja?” anafunsanso a Kefasi. “Inali kwa inu, kuno ku Mchinji?”

“Inali ku banki, m'dzina la bungwe lathu.”

“N'kuibweza.” Anaseka kuseka kopanda mano. “Ine ndakhala pa maesiteti zaka makumi awiri. Ndaona ndalama zikubedwa, ndaona zikudyedwa, ndaona zikusowa m'buku. Koma yobwerera yokha kwawo ili yamoyo, ndayamba kuimva lero.”

Anthu ena anang'ung'udza. Mayi Anastazia anakweza dzanja pang'ono, phokoso linatha.

“Mayi,” anatero, akuyang'ana Imelda. “Ine sukulu sindinapite, mundikhululukire. Anthu aja anatipatsa, eti? Nanga ife tinawalakwira chiyani kuti tiwabwezere? Kwathu mnzako akakutumizira chakudya, mbale umabweza, koma chakudya sabweza. Akachiona chabwerera amati wandikana.”

“Sanatipatse ngati mphatso ya m'manja, mayi. Anatituma. Zili ngati munthu wakutumani kumsika ndi ndalama yake kuti mukagule zinthu khumi ndi ziwiri msika usanatseke. Mwagula khumi ndi chimodzi, msika watseka. Chenji ndi yake.”

“Koma ludzu silinatseke.”

Imelda akanatha kungosiyira pomwepo, n'kukamba za Janyuwale, n'kukwera galimoto. Koma munthu amene wakana bodza la pa pepala sangalinyamule m'kamwa. Anawauza zonse. Anati panali njira ina: wokumba akanabwera sabata ino, koma mapepala akanalembedwa ngati anakumba mu Juni, ndipo iwo, mayi Anastazia, akanayenera kudinda chala kuti mjigo analandira kale, pomwe pansi pali chikhomo chokha.

“Ndinakana ndine,” anatero. “Abambowa ankafuna. Ine bambo anga anali tenanti ku Mavwere. Ndinawaona akudinda chala pa chimanga chomwe sitinadye. Sindikanatha kubwera kuno ndi inki kudzakudinditsani chinthu chomwe mulibe.”

Mayi Anastazia anakweza dzanja lamanja, nayang'ana chala chawo chachikulu ngati akuchiona koyamba.

“Mwana wa tenanti,” anatero mofatsa. “Ndiye mukudziwa. Chala ichi, mwanawe, chadinda matumba omwe sindinawaone. Chadinda feteleza wosakwana. Chadinda mankhwala a mwana yemwe ndinamuika m'manda uko. Zaka khumi ndi zinayi chikudinda zabodza, zonse zondidyera ine.” Anachitsitsa. “Ndikanadinda. Kamodzi kokha chikanadinda bodza londipatsa madzi.”

Sanakalipe. Akanakalipa zikanakhala bwino. Imelda anamva manyazi ndi chisoni, ndipo chomwe chinamuwawa kwambiri n'choti ngakhale pamenepo, atafunsidwanso, akanakanabe. Anali ndi zifukwa zokwana: bungwe likanatha kufa, mijigo ina yamtsogolo ikanafa nalo, bodza limodzi limaitana anzake. Zonsezi zinali zoona. Koma anaona kuti chilungamo chake chalipiridwa ndi anthu ena, omwe sanafunsidwe n'komwe.

“Mukanatifunsa,” anatero mayi Anastazia, ngati amva maganizo ake.

“Ndikanakufunsani, mukanavomera. Ine ndikanakanabe. Pepani, mayi.”

Mayiyo anamuyang'ana, kenako anagwedeza mutu pang'onopang'ono. “Bola mwanena nokha. Ena akanangosowa, ife n'kumasesa pa chikhomo mpaka mvula.”

Imelda anawauza za Janyuwale, nawauzanso kuti silinali lonjezo. A Kefasi anati matenanti ena pofika Janyuwale adzakhala atasamukira pa esiteti ina, ndipo zinali zoona. Wina anafunsa za njerwa. Anagwirizana kuti azifunde ndi udzu mvula isanayambe.

“Nanga chikhomo?” anafunsa mayi Anastazia. “Tizule?”

“Musazule,” anatero a Kamchacha mwachangu, mawu awo oyamba chiululire za kalata ija. Anatsegula pakamwa kuti aonjezere mawu awo aja a masiku onse, koma anawameza.

Atadzuka kuti azipita, mayi Anastazia anati adikire. “Mwayenda ulendo wautali padzuwa, simungachoke pakhomo panga kukhosi kuli gwa. Thobwa lero palibe, mutikhululukire.” Analowa m'nyumba, natuluka ndi kapu ya pulasitiki yobiriwira. Anaitsuka, anatunga mu mtsuko wa pakhonde, nabwera nayo kwa Imelda. Anagwada, naipereka ndi manja awiri.

Munalibe chipongwe m'maso mwawo. Anapereka zomwe anali nazo, monga amachitira ndi mlendo aliyense. Anali madzi a pa chitsime cha kudambo, komwe kumamwanso ng'ombe za pa esiteti, otuwa ngati otsukira mpunga, pansi pa kapu pakuoneka tinthu tikuyendayenda. Imelda ankawadziwa madzi amenewa. Anakula nawo, ndipo zaka ziwiri zapitazi anali atalipira maphunziro ambirimbiri ouza anthu kuti asamawamwe.

A Kamchacha anatambasula dzanja kuti amulandire, akunena kuti mayiwa ali ndi vuto la m'mimba. Imelda sanawapatse. Analandira kapu ndi manja awiri, nathokoza. Amayi onse ankamuyang'ana, ndi ana omwe.

Anamwa onse, mpaka matope a pansi.